Maimelo akusowa pa foni pakatha masabata awiri, alipo akuwafufuta kapena?

NachisaleSengaBay
Akuluakulu ndithandizeni maganizo ndisanalakwire munthu. Ndimayendetsa ka loji kuno ku Senga Bay, tili ndi imelo imodzi ya bizinesi yomwe alendo amabukira zipinda, ndimaiwerenga pa foni yanga, mtsikana wa pa risepishoni amaiwerenga pa laputopu ya mu ofesi, bambo akunyumba nawo anaiika pa foni yawo. Ndiye vuto ndi loti maimelo akumasowa. Dzulo kwabwera gulu la anthu 6 kuchokera ku Lilongwe akuti tinagwirizana mtengo pa imelo mwezi watha, ine kufufuza pa foni palibe, nditaimirira pamaso pawo manja akunjenjemera. Ndakhala ndikuwerenga, imelo yakale kwambiri pa foni yanga ndi ya masabata awiri apitawa, kumbuyo konseko kuli mbee. Mtsikanayu akulumbira kuti sanafufute chilichonse koma mtima wanga wayamba kumukaikira. Ndichite bwanji?

ChamboWaChia
Sinthani pasiwedi lero lomwe mayi, wina wakuloŵerani ameneyo. Masiku ano akuba achuluka.

Kachere265
Mayi musamukalipire kaye mwanayo. Wakuba kapena munthu wofufuta dala sangamasiye masabata awiri enieni tsiku ndi tsiku ngati wotchi, imeneyo ndi ntchito ya makina. Ndiyankheni zinthu ziwiri. Imelo yanu ndi ya Gmail kapena ndi ija yothera ndi dzina la loji? Ndipo pa laputopu mumatsegulira pati, pa Outlook kapena pa Chrome?

NachisaleSengaBay
Ndi yothera ndi dzina la loji achimwene, tinalipira kwa anthu omwe anatipangira webusayiti. Pa laputopu ndi Outlook, anatiikira mnyamata wina chaka chatha

MwanaWaKuDwangwa
Ine ndikuona ngati ndi foni chabe. Mapulogalamu ambiri a imelo pa foni amangosunga za masiku owerengeka kuti foni isadzadze, yanga imasunga za masiku 30. Loŵani mu masetingi muwonjezere masiku zonse zibwerera.

Kachere265
@MwanaWaKuDwangwa zimenezo zimachitikadi ndipo ndi bwino kuyamba kuchotsa chikaiko chimenecho. Njira yake ndi yosavuta. Mayi, omwe anakupangirani webusayiti anakupatsani adiresi yotsegulira imelo pa Chrome, ija ambiri amailemba webmail kutsogolo kwa dzina la webusayiti. Loŵani pamenepo. Zomwe muone pamenepo ndi zomwe zili pa seva zenizeni, seva ndi kompyuta ya eni hositing'i komwe makalata anu amafikira. Mukapeza a mwezi watha alipo ndiye kuti a Dwangwa alondola, foni ndi imene ikubisa. Mukapeza kumenekonso akuthera pa masabata awiri ndiye kuti alipo makina akuwachotsa pa seva, ndipo ine ndikukaikira laputopu. Kenako pitani pa laputopu mu Outlook mufufuze imelo ya alendo a ku Lilongwe ija.

NachisaleSengaBay
Ndaloŵa. Pa Chrome paja akuthera pa masabata awiri omwewo. Koma abale pa laputopu onse alipo!! mpaka a chaka chatha, ya alendo aja ndaiona ndi maso angawa, mtengo ndi womwe amanena. Ndiye zikutheka bwanji laputopu ikhale nawo foni ayi pomwe imelo ndi imodzi?

Kachere265
Basi nkhani yapezeka. Mu Outlook dinani File, kenako Account Settings, kenakonso Account Settings. Pa mzere wa imelo yanu, pansi pa Type, palembedwa POP/SMTP kapena IMAP/SMTP. Ndikukhulupirira muona POP.

Pali njira ziwiri zomwe pulogalamu imatengera makalata ku seva. POP ndi yakale, inayamba 1984 nthawi yomwe munthu amakhala ndi kompyuta imodzi basi, ndipo dzina lake lomwe ndi la positi ofesi. Imachita ngati mesenjala amene mwamutuma ku bokosi la ku positi, amatsegula, kutenga makalata onse, kubwera nawo ku ofesi, bokosi n'kutsala lopanda kanthu. Wina akapita pambuyo pake ndi kiyi wake sapeza kanthu. Outlook yanu ikuchitako chifundo, ikatenga kalata imasiya kope ku seva masiku 14, akakwana imauza seva kuti fufuta. Masabata awiri anu aja ndi amenewo.

Foni yanu ili pa IMAP. Iyoyo simatenga kalata kupita nayo, imangoonetsa zomwe zili pa seva, ngati buku la banki nkhonde lomwe limakhala kwa mlembi, aliyense amabwera kudzaona buku lomwelo ndipo chomwe chalembedwa kapena kufufutidwa aliyense amachiona. Ndiye laputopu ikachotsa kalata pa seva foni ilibe kolowera, nayo imasiya kuionetsa. Mtsikana uja sanakhudze kanthu, iye amangoyatsa laputopu m'mawa.

NachisaleSengaBay
Palembedwadi POP/SMTP. Mayo ine, ndipite ndikamupepese mwana wa eni, dzulo ndinamuyankhula mawu olemera wapita kwawo osadya.

MphunzitsiWaKuBenga
Mwachita bwino kufunsa musanachite kanthu mayi. Koma a Kachere ndikufuna nditsutseko pang'ono, chifukwa mukuyankhula ngati POP ndi wolakwa. Ine kuno ku Benga ndakhala pa POP zaka zambiri ndi Thunderbird, pulogalamu ya imelo ngati Outlook, ndipo sindidandaula. Netiweki kuno imabwera ngati mvula ya chizimalupsa, ndikaipeza madzulo nditakwera pa chulu kuseri kwa sukulu ndimatsitsa makalata onse kamodzi, n'kukawerenga kunyumba modekha popanda intaneti, kuyankha, mawa n'kutumiza. Makalata anga onse kuyambira kale ali pa kompyuta yanga, palibe amene angandiuze kuti malo atha lipirani. IMAP yanuyo imafuna netiweki nthawi zonse, kwathu kuno siingatheke.

Kachere265
Aphunzitsi, kwa inu POP ili bwino ndithu ndipo sindingakuuzeni kuti musinthe, chifukwa muli ndi kompyuta imodzi ndipo owerenga ndinu nokha. Pomwe ndikukana ndi apo mwati IMAP imafuna netiweki nthawi zonse. Thunderbird yomweyo mukaiika pa IMAP imasunga kope ya makalata pa kompyuta, pali malo olembedwa Synchronization & Storage pomwe mumasankha zimenezo, Outlook nayo imasunga. Netiweki ikachoka mumawerenga zomwe zinatsika kale, ikabwera imakauza seva zomwe mwachita. Kusiyana kwenikweni sikuli pa netiweki ayi, kuli pa funso loti kalata yeniyeni ikukhala kuti. Pa POP imakhala pa kompyuta yanu. Pa IMAP imakhala pa seva, zipangizo zonse zimangotsatira.

MphunzitsiWaKuBenga
Chabwino pa netiweki ndagonja. Koma pa malo sindinagonje, tidzabwererapo.

Tadala_wa_Chipoka
Pepani kuloŵerera, ine vuto langa ndi lofanana, maimelo ndikulandira koma ndikatumiza akukanirira mu Outbox masiku atatu tsopano. Ndisinthe ndipite ku IMAP?

Kachere265
Ayi asisi, lanulo ndi lina. POP ndi IMAP zonse ndi zolandirira. Kutumiza ndi ntchito ya SMTP, ndiye onani dzina la seva yotumizira, nambala ya poti yake ikhale 465 kapena 587, komanso ngati munasintha pasiwedi posachedwa muilembenso kumbali yotumizirako, ambiri amaiwala pamenepo.

MwanaWaKuDwangwa
Koma bwanji osangochotsa ka 14 kaja basi? Mu Outlook muli bokosi lolembedwa Leave a copy of messages on the server, pansi pake pali Remove from server after 14 days. Chotsani chizindikiro pa lachiwirilo, lasiyani loyambalo, nkhani yatha palibe chosowanso. Zosamukasamukazi zingowasokoneza mayiwa.

Kachere265
Chimenecho achite lero lomwe, ndikugwirizana nanu, chifukwa tsiku lililonse laputopu ikayaka ikudya makalata a tsiku lina. Mayi, pomwe munaona POP/SMTP paja dinani kawiri pa imelo yanu, mabokosi amenewo ali pomwepo, kapena ngati Outlook ndi yakale dinani More Settings kenako Advanced. Koma kumeneko ndi kumanga bala kuti magazi asiye, sikuchiza. Ndifunse, alendo a ku Lilongwe aja anawayankha za mtengo ndani, ndipo yankho lakelo mukuliona pa foni?

NachisaleSengaBay
Anayankha ndi mtsikanayu pa laputopu. Pa foni yanga mu Sent mumangooneka zomwe ndatumiza ine ndi bambo, zake sizinaonekepo ndi kale lomwe, ine ndimayesa ndi mmene zimakhalira. Ndipo zinatichitikirapo mwezi wa 8, mzungu wina tinamuyankha kawiri, iye anamuuza mtengo wina ine wina, anatifunsa kuti kodi mtengo weniweni ndi uti.

Kachere265
Ndi chimenecho ndimafuna a Dwangwa amve. POP imadziwa foda imodzi yokha, Inbox. Siidziwa Sent, siidziwa mafoda omwe mwapanga, siibweza uthenga ku seva woti kalata iyi yawerengedwa kapena yayankhidwa. Ndiye ngakhale musiye makope onse pa seva, zomwe mtsikana watumiza zidzakhalabe mu laputopu mokha, inu pa foni kalata idzaoneka yakuda bii ngati sinatsegulidwe pomwe anaiyankha m'mawa. Pa IMAP iye akatsegula kalata kwa inu imaoneka yotsegulidwa, akayankha yankho likupezeka mu Sent pa mafoni onse, akapanga foda ya mabuking'i a Disembala nonse muiona. Anthu atatu pa imelo imodzi, zipangizo zitatu, yankho ndi IMAP ponseponse. Kusakaniza, china POP china IMAP, ndiye koipitsitsa kuposa zonse chifukwa chimodzicho chimakolola m'munda mwa anzake.

AnkoloLifuwu
Ine ndili ndi chenjezo pa IMAP yomwe mukuitamayi, chifukwa inatiluma ku kopaletivu yathu ya mpunga. Tinaika imelo pa mafoni anayi, wapampando, mlembi, msungichuma ndi ine. Msungichuma foni yake inadzadza, mwana wake n'kumuuza kuti fufutani maimelo akale mupeze malo. Anasankha onse, kufufuta, kupitanso mu Trash kukhuthula. Iye ankayesa akusesa foni yake yokha. M'mawa mwake tonse anayi mbee, makalata a ogula kilombero a ku Blantyre, mitengo yomwe tinagwirizana pa thumba la 50 kg, zonse. Tinayimba kwa osunga imelo anati zomwe angabweze ndi za masiku ochepa okha. Ikanakhala POP bwenzi zili mu kompyuta ya mlembi. Ndiye mayi mukasamuka muwakhazike pansi bambo akunyumba ndi mtsikanayo muwauze kuti kufufuta pa foni imodzi ndi kufufuta paliponse.

ChamboWaChia
Ankolo mpunga chaka chino mukugulitsa bwanji? Ndikufuna matumba 10 koma ukhale kilombero weniweni osati wosakaniza

AnkoloLifuwu
Ndiyimbireni kuseri aise, pano tisokoneza nkhani ya mayi.

Tadala_wa_Chipoka
Wa ku Lifuwu ndi wabwino koma wa ku Karonga fungo lake ndi lina, tisanamizane

AnkoloLifuwu
Bwerani mudzadye kaye kwathu musanaweruze asisi.

Kachere265
Ankolo anena zoona pa za kufufuta ndipo pamenepo ndi pomwe anthu ambiri amapwetekera. IMAP imapangitsa zipangizo zonse kufanana, zabwino ndi zoipa zomwe. Si nkhokwe yosungira. Ku Gmail chomwe chili mu Trash chimakhala masiku 30 kenako chimapita chokha, ndipo mukakhuthula nokha chapita pomwepo. Ndiye pamafunika kope ina pambali, ndifotokoza.

Mayi tisanayambe kusamuka ndiuzeni manambala awiri. Pa webmail paja pamaonetsa malo omwe munapatsidwa, ndi angati? Ndipo pa laputopu tsegulani Documents, muli foda ya Outlook Files, mkati muli fayilo yothera ndi .pst momwe Outlook imasunga makalata anu, ndi yaikulu bwanji?

NachisaleSengaBay
Malo alemba 2 GB, ndagwiritsa 180 MB. Fayilo ija ndi 3.4 GB

MphunzitsiWaKuBenga
Mwaona a Kachere? Ndi zija ndimanena. 3.4 siingaloŵe mu 2. Mnyamata anawaikira POP uja sanali wopusa, ankadziwa kuti bokosi ndi laling'ono. Bokosi likadzadza makalata atsopano amabwerera kwa owatumiza, mlendo akuyesa loji inatsekedwa.

Kachere265
Apa aphunzitsi mwandigwira, ndi zoona, ndipo mwina ndi chifukwa chake anachita choncho. Malo ndiye mtengo wa IMAP. Koma sikuti zonse 3.4 GB zikuyenera kukwera ku seva. Mayi chitani motere, osadumpha.

Choyamba tsekani Outlook, koperani fayilo ya .pst ija pa fulashi, ina muike pa kompyuta ina ngati ilipo. Panopa makalata onse a loji yanu a chaka chathunthu ali malo amodzi okha padziko lapansi, mu laputopu imeneyo, ikagwa kapena kubedwa kapena magetsi akabwera mwamphamvu n'kuiwotcha mwatsala ndi masabata awiri. Musachotse akaunti iliyonse musanachite ichi.

Chachiwiri, Outlook siilola kungotembenuza akaunti ya POP kukhala IMAP, mumaika yatsopano. Njira yoyera ndi kupita ku Control Panel, Mail, Show Profiles, kupanga yatsopano, n'kuikamo imelo yanu posankha nokha IMAP osalola kuti isankhe yokha. Dzina la seva mufunse omwe anakupangirani webusayiti, manambala ndi awa

```
IMAP  993  SSL/TLS
SMTP  465  SSL/TLS
```

Mukaona 995 kapena 110 pa seva yolandirira dziwani kuti mwabwereranso ku POP.

Chachitatu, mu Outlook yatsopanoyo dinani File, Open & Export, Open Outlook Data File, musankhe .pst ija. Ioneka kumanzere pansi pa akaunti yatsopano ndi makalata onse akale. Tsopano kokerani ku Inbox ya IMAP okhawo omwe mukuwafuna pa foni, ine ndingati miyezi 6 yapitayi ndi mabuking'i onse omwe alendo ake sanabwere, zotumizidwa muzikokere ku Sent. Gwirani Ctrl pokoka kuti zikopedwe, zisasamuke. Yambani ndi mwezi umodzi, muone pa webmail kuti malo akwera bwanji, muwerengere. Musapitirire 1.5 GB, siyani mpata wa makalata obwera. Zotsalazo zikhale mu .pst, mtsikana azizipeza pa laputopu zikafunika.

Ndipo kukweza kumadya bandulo, 1 GB yokwera ndi 1 GB ya deta, kenako mafoni nawo atsitsako. Chitani usiku, pang'onopang'ono, laputopu ili ndi moto wokwanira.

NachisaleSengaBay
Nanga a masabata awiri omwe ali kale pa seva aja, ndikakoka sakhala awiriawiri?

Kachere265
Akhala awiriawiri mukawakoka, mwafunsa bwino. Onani deti la kalata yakale kwambiri yomwe ili pa webmail, mukoke za kumbuyo kwa deti limenelo zokha. Za mu Sent kokani zonse za miyezi mwasankhayo chifukwa za laputopu sizinafikeko ku seva.

MwanaWaKuDwangwa
Langizo langa, sanjani makalata potengera kukula musanakoke. Mupeza kuti theka la 3.4 GB ndi zithunzi za zipinda ndi nyanja zomwe mwakhala mukutumizira alendo mobwerezabwereza, zomwezomwezo. Amenewo asiyeni mu laputopu, makalata a mawu okha ndi opepuka kwambiri mwina chaka chonse chikwana.

Kachere265
Eya, nzeru imeneyo ndi yabwino kuposa yanga ya miyezi 6.

MphunzitsiWaKuBenga
Ine ndikanakhala mayi ndikanasiya kompyuta imodzi yakale pakona ili pa POP, yosiya makope onse pa seva osafufuta, ntchito yake kungokolola kalata iliyonse yoloŵa. Zija zinawachitikira a ku Lifuwu sizingachitike.

Kachere265
Ena amachitadi choncho ndipo zimagwira, koma ine ndimaopa pa zifukwa ziwiri. Imasunga zoloŵa zokha, mayankho anu ayi, pomwe pa mkangano wa mtengo chofunika kwambiri ndi chomwe inu munalemba. Komanso tsiku lina wina adzaikonza kompyutayo, kuikanso Outlook, ka 14 kaja n'kubwerera osadziwa, tidzakumananso pano. Ine ndimakonda kamodzi pa mwezi File, Open & Export, Import/Export, Export to a file, kutulutsa .pst ya akaunti yonse n'kuika pa fulashi.

MphunzitsiWaKuBenga
Kamodzi pa mwezi anthu amaiwala achimwene, makina saiwala. Mwezi woyamba adzachita, wachiwiri alendo achuluka, basi. Ine ndikhalabe pa maganizo anga.

AnkoloLifuwu
Ife chichitikireni zija mlembi amachita tsiku la msonkhano wa mwezi, fulashi imakhala m'bokosi limodzi ndi buku la ndalama, ndiye saiwala chifukwa timafunsa pa msonkhano pomwepo.

ChamboWaChia
Nanga ife a Gmail pa foni tili pa chiyani? Ndayamba kuopa

Kachere265
Ngati mumawerengera pa pulogalamu ya Gmail kapena pa Chrome musade nkhawa, zonse zimakhala kwa iwo ndipo zipangizo zimaona zofanana, malo ndi 15 GB ogawana ndi Drive ndi Photos. Nkhani ya POP imabwera pokhapokha mwailumikiza ku Outlook kapena Thunderbird, pamenepo sankhani imap.gmail.com pa 993.

NachisaleSengaBay
Ndabwera kudzanena mmene zayendera. Fayilo ndinakopera pa mafulashi awiri, ina ili kunyumba. Usiku wa dzulo tinakhala ndi mtsikana uja mu ofesi mpaka 11 koloko, iye ndi amene amagwira laputopu ine ndikuwerenga malangizo pa foni, ndinamupepesa ndipo tinadyera limodzi chambo pomwepo. Titasiya makalata a zithunzi chaka chonse chakwana 900 MB. M'mawa uno ndinamuuza atumize imelo yoyesera, isanathe mphindi yaoneka mu Sent pa foni yanga, nditsegula kalata ina kuno iye akuti kwake yasiya kuda. Bambo ndawauza kale za kufufuta.

Koma chatsala chimodzi, mayina ndi manambala a alendo omwe anasungidwa mu Outlook yakale, komanso kalendala ya mabuking'i, pa foni sizikuoneka. Talakwitsa pena?

Kachere265
Simunalakwitse mayi, IMAP imanyamula makalata okha, mayina ndi kalendala ayi. Zili bwinobwino mu .pst yakale ija, dinani People kapena Calendar mu Outlook muzipeza pansi pa dzina la fayiloyo. Mukaona foda yolembedwa (This computer only) musasungemo chinthu chofunika poganiza kuti chili pa seva, chili mu laputopu mokha. Kuti kalendala ifike pa mafoni pafunika njira ina, afunseni a webusayiti aja ngati phukusi lanu lili ndi CalDAV, akakuyankhani mutiuze.

NachisaleSengaBay
Ndawalembera, ndikudikira. Pakadali pano kalendala tikulemba m'buku la pa risepishoni ngati kale.